Tsiku Lotseka Layandikira, Kalata ya Kupolisi Sinatuluke

Anthu ambiri amene amataya mwayi wa ntchito kapena wa sukulu chifukwa cha mapepala sakhala kuti anali osayenera. Chimachitika nchakuti satifiketi kapena kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti alibe mlandu yachedwa, iwo nkukhala chete kudikira, tsiku lotseka nkudutsa. Akamadzalemba kalata yodandaula, malo aja apatsidwa kale kwa wina. Zimandiwawa chifukwa nthawi zambiri zikanatheka kupeweka ndi kalata imodzi yolembedwa pa nthawi yake.

Tiyerekeze namwino wa ku Lilongwe amene wapatsidwa ntchito pa chipatala china ku Britain. Kalata yomuuza kuti wapambana yafika pa 2 Juni, ndipo ikunena kuti mapepala onse akhale atafika pa 30 Juni. Mayiyu anagwirapo ntchito zaka ziwiri ku Joni. Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa malamulo a viza ya ku Britain kwa ogwira ntchito zaumoyo, zamaphunziro ndi zosamalira anthu amafuna kalata ya kupolisi yochokera ku dziko lililonse limene munthu anakhalako miyezi 12 kapena kuposa pa zaka 10 zapitazo. Ndiye kuti makalata ofunika ndi awiri: ya kuno kwathu, imene imadutsa ku likulu la apolisi ku Area 30 atamujambula zidindo za zala, ndi ya ku South Africa, imene imatuluka ku ofesi yosunga mbiri ya milandu ku Pretoria.

Choyamba sikulemba kalata ayi, koma kuwerengera masiku. Apolisi a ku South Africa amanena kuti ntchitoyi imatenga masiku ogwira ntchito pafupifupi 15, kuyambira tsiku limene mapepala onse afika pa ofesi yawo, osati tsiku limene munthu wawatumiza. Ngati mayi uja wadinda zala pa 5 Juni ndipo envulopu yafika ku Pretoria pa 12 Juni, masabata atatu akumufikitsa pa 3 Julayi. Pa 16 Juni kumeneko ndi tchuthi. Kalatayo ikatuluka iyeneranso kuyenda ulendo wobwera kuno. Choncho pa 12 Juni pomwepo mayiyu akudziwa kale kuti 30 Juni sakwanitsa, ngakhale zonse zitayenda bwino. Tsiku lopempha ndi limenelo, kudakali masabata awiri ndi theka, osati madzulo a pa 29.

Cholakwika chimene ambiri amachita nkupempha chinthu chachikulu kuposa chimene akufuna. Amalemba kuti, “Chonde ndiwonjezereni nthawi yotumizira mapepala.” Wolandira kalata yotere amaona ngati munthuyo sanakonze kalikonse, komanso kusuntha tsiku lotseka la onse sikukhala m'manja mwa kalaliki. Pempho lopepuka kuvomera ndi lakuti: zonse zimene ndili nazo ndatumiza lero, chatsala nchimodzi, ndipo ndiloleni ndidzachipereke pofika tsiku lakuti. Apa simukupempha kuti lamulo lisinthe. Mukungopempha kuti fayilo yanu isatsekedwe.

Kalata ya mayi uja, imene adzailemba m'Chingerezi, mfundo zake zikhale izi: “Ndikulemba za ntchito ya unamwino imene munandipatsa pa 2 Juni, nambala yanga ili pamwambapa. Mapepala onse ndatumiza, kupatula kalata ya apolisi a ku South Africa. Ndinaitanitsa kalatayi pa 5 Juni ndipo pempho langa linafika ku Pretoria pa 12 Juni. Lisiti yolipirira ndi umboni wakuti envulopu inalandiridwa ndaziphatika pano. Ndikupempha kuti mundilole kuipereka pofika pa 21 Julayi. Ngati izi sizili m'manja mwanu, chonde ndiuzeni woyenera kumulembera.”

Taonani tsikulo: 21 Julayi, osati 4 Julayi. Pempho loyamba anthu amalimvetsa, koma lachiwiri limayamba kukayikitsa, ndiye nkwabwino kupempha kamodzi nthawi yokwanira. Zidindo za zala zimatha kukanidwa ngati sizikuoneka bwino, makamaka kwa anthu amene manja awo anaperepeseka ndi ntchito kapena kusamba m'manja pafupipafupi, monga anamwino omwewa. Zikatero kuwerenga masiku kumayambiranso. Masabata awiri apamwambawo ndi otetezera zotere.

Mtima wa kalata yonse ndi lisiti. Mawu akuti “apolisi akuchedwetsa” aliyense angathe kunena, ngakhale amene sanapiteko nkomwe. Lisiti yokhala ndi deti ndi chidindo imasonyeza kuti munayamba msanga ndipo chotsalacho sichili m'manja mwanu. Nchifukwa chake lisiti muziijambula pa foni musanatuluke pa geti. Ndipo m'kalatamo musanyoze ofesi iliyonse kapena kulongosola mavuto onse a pakhomo. Wowerengayo akufuna kudziwa chimene chasowa, chifukwa chake, ndi tsiku limene chifike.

Pa satifiketi zinthu zimapepukako, chifukwa pamakhala pepala lina loimirira. Amene wakhoza MSCE koma satifiketi yake ya ku MANEB sinafike ku sukulu amakhala ndi pepala lomudziwitsa zotsatira. Amene wamaliza digiri koma mwambo wopereka madigiri sunachitike angathe kupempha ku ofesi ya rejisitirala kalata yotsimikiza kuti anamaliza, pamodzi ndi chikalata cha magiredi ake. Koma musangotumiza pepala loimirira mwakachetechete ngati kuti ndi satifiketi. Nenani poyera kuti ndi la pakadali pano, ndipo funsani ngati alilandira. Kalata ya kupolisi ilibe choimirira chotere. Kalata ya amfumu kapena ya abusa ingachitire umboni khalidwe lanu, koma silowa m'malo mwake.

Palinso malire amene tiyenera kuwanena mosabisa. Bwana wolemba ntchito kapena ofesi yolembetsa ophunzira imakhala ndi mpata womva pempho. Mpikisano wa thandizo la maphunziro umene fomu yake ya pa intaneti imadzitseka yokha pa ola loikika nthawi zambiri sutero, chifukwa kukondera mmodzi nkulakwira ena onse. Kumeneko tumizani fomu nthawi isanakwane, ndipo ngati malangizo awo akulola, pamalo a pepala losowalo ikanipo lisiti ndi kalata yaifupi yofotokoza. Ofesi za viza nazo zimagamula potengera zimene zili mu fayilo, ndipo ndalama yolipirira pempho kawirikawiri sibwezedwa munthu akakanidwa. Kwa mayi uja, njira yabwino nkupempha chipatala kuti chisunthe tsiku loyamba ntchito, mmalo mothamangira kupempha viza ndi mapepala opereŵera.

Wina angaganize kuti mankhwala ake nkutengeratu kalata ya kupolisi chaka chisanathe nkuisunga m'sutikesi. Sizithandiza, chifukwa kalatayi imakalamba. Pa viza ya ku South Africa, mwachitsanzo, safuna imene yapitirira miyezi 6 chitulukireni. Munthu wodikira makalata awiri ayang'anitsitse kuti yoyamba isathe mphamvu akudikira yachiwiri.

Akakuyankhani pa foni kuti “palibe vuto”, thokozani, kenako lembani imelo tsiku lomwelo yobwereza zimene mwagwirizana ndi tsiku latsopanolo, nkupempha kuti atsimikize. Amene munalankhula naye angathe kupita ku tchuthi kapena kusamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake adzangoona fayilo yopereŵera ndi deti lodutsa. Ngati papita masiku atatu ogwira ntchito osayankhidwa, kumbutsani pa imelo yomweyo, kuti deti la pempho lanu loyamba lizionekabe pansi pake.