Mtsogoleri akachoka mwadzidzidzi: phunziro la kampani yomwe idataya akuluakulu awiri m'miyezi 7

Mbandakucha wa pa 19 Epulo 2004, mumzinda wa Orlando ku Amereka, anthu oyendetsa malo odyera a McDonald's ochokera m'mayiko osiyanasiyana anali atasonkhana kudikira msonkhano wawo waukulu. Woyenera kudzawalankhula anali mkulu wa kampaniyo, Jim Cantalupo, wa zaka 60. Koma sadafike pabwalopo. Adadwala mtima mwadzidzidzi ndipo adamwalira m'mawa womwewo.

Imfayi idagwa pa nthawi yovuta. Chakumapeto kwa 2002 kampaniyi idaluza ndalama m'miyezi itatu yomaliza ya chaka, zomwe zinali zisadachitikepo chiyambire kugulitsa masheya ake. Cantalupo, yemwe anali atapuma kale pantchito, adachita kumuitananso mu Januwale 2003 kuti adzakonze zinthu, ndipo malonda anali atangoyamba kutsitsimuka. Aliyense akadamvetsa kampaniyo ikadadzandira kwa miyezi ingapo.

Patangopita maola ochepa, tsiku lomwelo, bodi idakumana n'kulengeza kuti Charlie Bell ndiye mkulu watsopano. Bell, mbadwa ya ku Australia, anali ndi zaka 43. Adayamba kugwira ntchito m'malo odyera a kampaniyi ku Sydney ali ndi zaka 15, ndipo pofika zaka 19 anali manijala. Kuyambira Januwale 2003 anali wachiwiri kwa Cantalupo, woyang'anira ntchito za tsiku ndi tsiku. Adamuika dala pa udindowo kuti aphunzire mpando wapamwambawo akuwona ndi maso ake. Bodi sidachite kufunafuna munthu uku ikulira maliro. Idangotsimikiza zomwe zinali zodziwika kale.

Nkhani ikadathera apa ikadakhala yosangalatsa chabe. Chomwe chimaipatsa kulemera n'chakuti patangotha milungu yochepa, mu Meyi, madokotala adamupeza Bell ndi khansa ya m'matumbo. Adamuchita opaleshoni, adayesetsa kugwirabe ntchito, koma mu Novembala 2004 adatula pansi udindo, ndipo adamwalira mu Januwale 2005 ali ndi zaka 44. Kachiwirinso bodi idalengeza wolowa m'malo nthawi yomweyo: Jim Skinner, yemwe adalowa m'kampaniyi mu 1971 ngati wophunzira umanijala pamalo amodzi odyera ku Illinois. Skinner sadasinthe njira. Adapitiriza dongosolo lomwe iye, Cantalupo ndi Bell adalikonzera limodzi, ndipo adatsogolera kampaniyi mpaka 2012, malonda akukwera.

Akuluakulu awiri adachoka m'miyezi 7, koma kampani sidagwedezeke. Chinsinsi sichinali mwayi wokhala ndi anthu anzeru. Kumbuyo kwa mtsogoleri kunali munthu wodziwika kwa onse, wozolowera kale ntchitoyo, ndipo kumbuyo kwa ameneyo kunalinso wina.

Kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha mbali inayo, ndipo ambiri akuchikumbukira. Pa 5 Epulo 2012 mtsogoleri wa dziko, Bingu wa Mutharika, adakomoka kunyumba ya boma ku Lilongwe ndipo adathamangira naye kuchipatala cha Kamuzu Central, koma adamwalira tsiku lomwelo. Malamulo aakulu a dziko, pa gawo 83, amanena mosabisa kuti mpando wa pulezidenti ukakhala wopanda munthu, wachiwiri wake ndiye amatenga udindo. Wachiwiriyo anali Joyce Banda. Vuto linali lakuti chipani cholamula cha DPP chinali chitawachotsa mu Disembala 2010, ndipo munthu yemwe chipanicho chinkakonzekeretsa anali Peter Mutharika. Pepala linkatchula munthu wina, mitima ya omwe anali pafupi ndi mpando inali pa wina. Kwa masiku awiri Amalawi sadauzidwe zoona. Thupi lidapita ku South Africa, ndipo usiku wa pa 6 Epulo nduna 6 zidauza dziko kuti mayi Banda sayenera kulowa m'malo. Adalumbira pa 7 Epulo, akuluakulu a asilikali ataonetsa kuti ali kumbali ya malamulo.

Dziko lidapulumuka chifukwa lamulo linali lolembedwa. Koma masiku awiri amenewo akuonetsa kuti kulemba kokha sikukwanira ngati wolembedwayo wasiyidwa kunja kwa zochitika. Mabungwe ambiri ali chimodzimodzi: malamulo awo amati wachiwiri kwa wapampando ndiye amagwirizira, koma wachiwiriyo sadalowepo ku banki, sadziwa omwe amathandiza bungwe ndi ndalama, ndipo mwina papita chaka asakulankhulana ndi wapampando.

Nanga bungwe wamba, monga kopaletivi ya alimi, sukulu yoyima payokha, mpingo kapena bungwe losakhala la boma, lingatengepo chiyani?

Poyambira ndi kusiyanitsa mafunso awiri omwe anthu amakonda kuwasokoneza. Loyamba: ndani adzagwirizira mawa m'mawa? Lachiwiri: ndani adzatsogolera zaka zikubwerazi? Lachiwirili likhoza kudikira miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, bodi ikulengeza ntchito ndi kufunsa anthu modekha. Loyambalo silidikira ngakhale tsiku limodzi. Yankho lake liyenera kukhala m'maminitsi a bodi, osainidwa, otchula udindo wa wogwirizirayo, wina wachiwiri ngati iyeyo palibe, kutalika kwa nthawi yogwirizira, komanso malire a mphamvu zake. Mwachitsanzo, akhoza kulipira antchito ndi ngongole zomwe zidavomerezedwa kale, koma sangagulitse galimoto ya bungwe, kutenga ngongole yatsopano kapena kuchotsa munthu ntchito popanda bodi. Malire otere amateteza bungwe, komanso amateteza wogwirizirayo ku miseche yoti wayamba kudya za wamasiye.

Tiyerekeze bungwe laling'ono la antchito 12 lomwe mkulu wake wagonekedwa m'chipatala pa 24, osatha kulankhula, pomwe malipiro amatuluka pa 27. Akaunti ya ku banki imafuna anthu awiri osainira, ndipo olembetsedwa ndi awiri omwewo: mkuluyo ndi msungichuma. Apa ndiye kuti ndalama zilipo koma sizingatuluke. Kuti banki ilole wosainira watsopano imafuna chigamulo cha bodi, ziphaso za munthuyo ndi chitsanzo cha siginecha yake, ndipo zonsezi sizitheka tsiku limodzi, makamaka ngati mamembala a bodi ali m'maboma osiyanasiyana. Ngati bungwe limalipira kudzera pa intaneti, nambala yachinsinsi yotsimikizira malipiro imapita pa foni ya mkulu uja, yomwe ili m'chikwama cha mkazi wake kuchipatala, yokiyidwa. Lipoti loyenera kupita kwa othandiza bungwe kumapeto kwa mwezi lili mu laputopu yake, ndipo pasiwedi akuidziwa yekha.

Zonsezi zikadapeweka ndi ntchito ya masana amodzi. Osainira akhale atatu kapena anayi, awiri aliwonse okwanira kutulutsa ndalama. Nambala ya foni yolandirira mauthenga a banki ikhale ya bungwe, osati ya munthu. Mapasiwedi, manambala a maakaunti, satifiketi ya kaundula, mapepala a msonkho, mapangano a lendi ndi a othandiza bungwe, komanso masiku omwe chilichonse chimatha ntchito, zilembedwe ndi kusungidwa pamalo okiyidwa pomwe anthu awiri osankhidwa ndi bodi angafikepo. Pasiwedi ikasintha, pepalalo lisinthenso tsiku lomwelo, apo ayi n'chimodzimodzi kusalemba.

Chitsanzochi chikuulula kanthu kena: udindo wofunika kuutetezera si wa bwana yekha. Kawirikawiri munthu yemwe kuchoka kwake kumaimitsa ntchito amakhala wapakati, monga kalaliki wokonza malipiro, wosunga kaundula wa mamembala, kapena mayi wa banki m'khonde yemwe ndalama za gulu zili pa simukhadi yolembetsedwa m'dzina lake. Njira yowapezera anthu oterewa ndi yosavuta. Pa ntchito iliyonse yomwe singadikire sabata imodzi, bodi ifunse kuti ndi anthu angati angaigwire lero popanda kuimbira foni mwini wake. Paliponse pomwe yankho ndi "m'modzi", pamenepo pali dzenje.

Kenako pamabwera mayeso, ndipo apa m'pomwe mabungwe ambiri amagwa. Dongosolo losayesedwa silidziwika ngati likugwira. Mtsogoleri apite kutchuthi chake chonse, milungu itatu kapena inayi, foni ya ntchito ataisiya kuofesi, ndipo wogwirizira ayendetse msonkhano wa antchito, avomereze malipiro, akumane ndi othandiza bungwe. Funso lililonse lomwe lamukakamiza kusaka bwana kumudzi alilembe. Mndandanda umenewo ndiye chithunzi chenicheni cha zomwe zili m'mutu mwa munthu m'modzi. Bungwe lomwe mkulu wake watha zaka zitatu osapita kutchuthi, ponena kuti zinthu zingaime, ladzipezera kale matenda ake. Mabanki ambiri amakakamiza antchito awo kupita kutchuthi pa chifukwa chinanso: wobisa zachinyengo amaopa kuti wina akhale pa desiki pake.

N'zoona kuti nkhaniyi ndi yovuta kuiyambitsa pakati pathu. Wofunsa kuti "nanga inu mutachoka?" amaoneka ngati akulosera imfa kapena akusirira mpando, ndipo wachinyamata sangayerekeze kufunsa zotere kwa munthu yemwe adayambitsa bungwe ndi thukuta lake. N'chifukwa chake funsoli siliyenera kuchokera kwa wachiwiri kwa bwana. Ndi ntchito ya wapampando wa bodi, ndipo likhale pa mndandanda wa zokambirana kamodzi chaka chilichonse monga zimakhalira ndi lipoti la zachuma, kuti lisaoneke ngati lalunjika munthu. Kuchoka kwadzidzidzi sikutanthauza imfa yokha ayi. Munthu amapeza ntchito kunja, amadwala, amamangidwa, amasamutsidwa.

Dongosololi lili ndi zoopsa zakenso. Kulengeza msanga kuti uje ndiye adzalowa ufumu kumathamangitsa ena aluso omwe aona kuti njira yatsekeka, ndipo wosankhidwayo akhoza kuyamba kudzimva. Mtsogoleri akasiyidwa kusankha yekha, amakonda kutenga womumvera kapena wachibale m'malo mwa wodziwa ntchito. Choncho kugwirizira kusakhale lonjezo la mpando, ndipo ophunzitsidwa akhale awiri kapena atatu, aliyense wopatsidwa mbali yeniyeni yoti aiyendetse ndi kuyankhapo pamaso pa bodi. Ndi momwe Skinner adapezekera wokonzeka, ngakhale kuti mu Epulo 2004 mpando udapita kwa mnzake wocheperapo ndi zaka pafupifupi 16.

Inu amene muli m'bodi, m'komiti ya mpingo kapena ya kopaletivi, pamsonkhano wotsatira pemphani kuti muone zinthu ziwiri: maminitsi otchula wogwirizira, ndi kalata ya ku banki yoonetsa mayina a osainira. Ngati chimodzi palibe, musatseke msonkhanowo musanagwirizane tsiku loti chikonzedwe.