Kalata kwa Phungu pa Nkhani ya Makamera Ozindikira Nkhope

Ku Britain, apolisi a ku South Wales ankaika makamera m'misewu ya mu Cardiff, ndipo kompyuta inkayerekeza nkhope ya aliyense wodutsa ndi zithunzi za anthu ofunidwa. Ed Bridges, mmodzi mwa ojambulidwa, anakadandaula kukhoti. Mu 2020 khoti la apilo linagamula kuti apolisiwo anaphwanya ufulu wake, chifukwa malamulo sanafotokoze bwino amene angaikidwe pamndandanda wa ofunidwa komanso malo amene makamera angaikidwe. Linapezanso kuti apolisi sanafufuze mokwanira ngati makinawo amalakwitsa kwambiri pa anthu amtundu wina kapena pa amayi.

Nzika ya kumeneko yolembera phungu wake imapeza zopempha zomveka m'chigamulochi. Ipemphe kuti lamulo litchule milandu yoyenera kuika munthu pamndandanda, kuti woweruza aziyamba wavomereza makamera asanaikidwe, kuti nkhope za osafunidwa zizifufutidwa nthawi yomweyo, ndiponso kuti bungwe loima palokha liziyesa makinawo n'kulengeza zotsatira. Kalatayo ikhale ndi adiresi ya wolemba, popeza phungu amayankha anthu a dera lake, ndipo imupemphe kufunsa nduna funso lolembedwa m'nyumba ya malamulo kuti yankho la boma lidziwike poyera.