Ndalama ya ndiwo: mukugula zomanga thupi kapena madzi ndi mafupa?

Mayi akafika pamsika ndi ndalama ya ndiwo m'chikwama, funso lake limakhala limodzi: izi zikwana anthu angati? Amayang'ana mulu wa usipa, amayang'ana nyama yopachikidwa pabutchala, amafunsa mtengo wa dzira, kenako nthawi zambiri amakathera pa nyemba. Maso amayeza kukula kwa chinthu, lilime limayeza kukoma. Koma chimene thupi likufuna m'ndiwo zimenezi, chomwe a zaumoyo amachitcha mapuloteni kapena zomanga thupi, sichioneka ndi maso, ndipo sikelo ya pamsika siichiyeza.

Munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Wolemera makilogalamu 60 akufunika magalamu pafupifupi 50. Gawo labwino ndithu la zimenezi amalipeza mu nsima, chifukwa ufa wa chimanga uli ndi magalamu 8 kapena 9 pa magalamu 100 alionse. Vuto la chimanga ndi lakuti mapuloteni ake ndi operewera. Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa tosiyanasiyana, ngati mmene nyumba imafunira njerwa, matabwa ndi malata, ndipo chimanga chili ndi kachidutswa kotchedwa layisini kochepa kwambiri. Njerwa zikachuluka malata palibe, nyumba siitha. Ntchito ya ndiwo ndiyo kubweretsa chosowacho, osati kungotsetsereza mbamu pakhosi.

Tsono tiyeze ndiwo zathu ndi muyezo umodzi. Kilogalamu ya nyemba zouma, kaya ndi nanyati, kholophethe kapena napilira, ili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 210. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, choncho pamafunika mazira 35 kuti afanane ndi kilogalamu ya nyembayo, thireyi yonse ndi ena asanu pamwamba. Nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yopanda fupa ili ndi magalamu 20 pa 100 alionse, zomwe zikuoneka ngati zofanana ndi nyemba. Koma wabutchala sagulitsa mnofu wokhawokha. Akamadula ndi chikwanje chake amaponyamo fupa ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe mwalipira likhoza kuthera kwa galu. Kuti mupeze magalamu 210 aja mufunika nyama ya mafupa pafupifupi kilogalamu 1.4. Nkhuku yosolasola ili ndi mafupa ambiri kuposa pamenepo, ndiye ifunika yolemera kilogalamu 1.6. Chambo chachiwisi, mukachotsa mutu, mamba, matumbo ndi minga, theka lokha ndilo lotsala, ndipo mufunika makilogalamu awiri kapena kuposerapo.

Nanga usipa wouma? Magalamu 350 okha akwana.

Chinsinsi chake ndi madzi. Nyama yaiwisi, nkhuku, nsomba ndi dzira, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a kulemera kwake ndi madzi. Usipa ukakhala pathandala ku Msaka kapena ku Senga Bay, dzuwa limachotsa madziwo, ndipo chotsala chimakhala ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 60 pa 100 alionse. Palibenso chotaya, popeza timadya mutu, minga ndi zonse. Matemba a ku Chilwa ndi kapenta wa ku Zambia ali m'gulu lomweli. Wogula nyemba ndi usipa amagula chakudya chouma n'kukathira madzi a pampopi kunyumba. Wogula nyama amalipira madziwo pa mtengo wa nyama.

Mitengo kuno siikhala pamodzi. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mwezi uno sukhala wa mwezi wamawa, ndiye musasunge mitengo m'mutu, sungani miyezo ija. Mitengo yotsatirayi ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya pamsika wanu. Tinene kuti nyemba zili pa K5,000 kilogalamu, dzira K500, nyama K12,000 kilogalamu, nkhuku ya buloyila K9,000 kilogalamu, ndipo kamulu ka usipa ka K1,000 kakulemera magalamu 40. Kuti mupeze mapuloteni ofanana, nyemba zikudyerani K5,000, mazira 35 K17,500, nyama K16,800, nkhuku K14,400, usipa milu isanu ndi inayi K9,000. Ambiri amadabwa ndi mazira. Timawayesa otsika mtengo chifukwa amagulika limodzilimodzi ndipo awiri okha ndi tomato wambiri amadyetsa banja, koma banjalo limakhala ladya tomato.

Pa pepala nyemba zapambana kutali. Kukhitchini nkhani imasinthako.

Nyemba zimadya makala. Zatsopano zimapsa msanga, koma zomwe zagona m'thumba miyezi yambiri pamalo otentha zimalimba, ndipo zikhoza kukhala pambaula maola atatu zisanafewe. Kwa wokhala m'tauni amene amagula makala a m'majumbo, ndalama imeneyo iyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mtengo wa nyembazo. Palinso china: thupi siligaya mapuloteni a nyemba onse ngati mmene limachitira ndi a dzira kapena nsomba. Pafupifupi gawo limodzi mwa asanu limangodutsa. Pa chitsanzo chathu chija, tikaika makala a K1,500 n'kuwerengeranso chotayikacho, nyemba zafika pa K8,000 ndi kadontho. Usipa, womwe umapsa madzi a nsima asanawire, uli pa K9,000. Kusiyana kwachepa zedi.

Makala akhoza kuchepetsedwa. Vikani nyemba madzulo, tayani madziwo m'mawa, phikani ndi madzi ena. Nthawi yophika imatsika kwambiri, komanso mpweya wa m'mimba umene umachititsa anthu manyazi m'minibasi umachepa. Ena amathira soda kapena chidulo kuti zifewe msanga. Zimafewadi, koma soda amawononga ena mwa mavitamini a gulu la B, ndiye ndi njira ya tsiku la changu lokha. Pogula, tengani nyemba zodzaza dzanja n'kuyang'ana. Zikakhala ndi timabowo ndi kafumbi pansi pa thumba, anankafumbwe adya kale gawo lanu.

Usipa nawo uli ndi misampha yake. Sugulitsidwa pasikelo koma pa milu, mbale kapena chigoba, ndipo mulu umafupika mtengo usanasinthe. Yesani kamodzi kupempha wa golosale akuyezereni mulu umene mwagula, mudzadziwa chomwe mukulipira. Mtengo wake umatsatanso nyanja. Asodzi amaugwira usiku ndi nyale, ndiye mwezi ukawala kwambiri usipa subwera kunyale ndipo pamsika umakwera. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mabwato satuluka kawirikawiri. M'dzinja vuto ndi kuuma: usipa wosauma bwino umalemera ndi madzi, umanunkha chinyezi, nthawi zina umachita nkhungu. Wouma bwino umathyoka mukaupinda. Wonyenyeka ngati ufa ndi wokhalitsa kapena wolowa tizilombo.

Tikasiya mapuloteni, ndiwo iliyonse imabwera ndi katundu wake wina, ndipo apa ndi pamene zotsika mtengo zokha sizikwanira. Nyemba zili ndi ayironi wothandiza magazi, koma ndi wa mtundu umene thupi limavutika kuutenga. Tomato, masamba osapsetsa kwambiri, kapena bwemba ndi malambe pambali zimathandiza, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza. Ayironi wa mu nyama ndi nsomba amalowa mosavuta, ndipo kansomba pang'ono m'chakudya kamathandiza kuti wa mu nyemba alowenso. Vitamini B12, wofunika pa magazi ndi mitsempha, mu nyemba mulibiretu. Amapezeka mu zochokera ku nyama basi. N'chifukwa chake pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene amaphunzitsidwa kusikelo ya ana, zanyemba zili gulu lawo, zochokera ku nyama gulu lawonso. Wina salowa m'malo mwa mnzake kwathunthu.

Usipa wodyedwa wathunthu umapereka kashiamu wa mafupa kuchokera mu minga yake, chinthu chomwe nyama ya ng'ombe ndi nkhuku zilibe kwenikweni. Amene amadula mitu ya usipa poopa kuwawa amataya gawo lolemera ndi michere. Pa nkhuku ndi mbuzi, chiwindi chimaposa mnofu pa ayironi ndi vitamini A, chonsecho zam'kati zimagulitsidwa motsikirapo.

Dzira lija tinaliona lokwera mtengo lili ndi malo amene palibe chimene chimalilanda: mbale ya mwana wamng'ono. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Mwana wa chaka chimodzi ali ndi kamimba kakang'ono. Nyemba zikapsa zimamwa madzi n'kufufuma, moti magalamu 100 a zophika amatsala ndi mapuloteni 8 kapena 9 okha, ndipo mwana amakhuta asanapeze zokwanira. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chomupatsa msuzi wokha, nyemba zenizeni n'kudya akuluakulu. Mwana wa msinkhu umenewu amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 13 patsiku, ndiye dzira limodzi lamupatsa kale pafupifupi theka, pamodzi ndi vitamini A ndi B12. Ndalama ikakwana dzira limodzi lokha, musalimwaze mumphika wa anthu asanu. Liwiritseni lipse bwino, mulinyenyere mwana wa miyezi isanu ndi umodzi kupita m'tsogolo. Dzira likasowa, kazingani usipa pang'ono popanda mafuta, musinje, musefe, muzithira supuni ya ufawo m'phala. Nyemba zochotsa makoko n'kuzipota ngati chipere zimamuyeneranso kuposa zathunthu.

Kwa ine, banja la anthu asanu lomwe likuwerengera ndalama lichite motere. Theka la kilogalamu ya nyemba limapereka mapuloteni opitirira pang'ono magalamu 100, kutanthauza 20 pa munthu aliyense, ndipo pamodzi ndi nsima ya tsikulo munthu wamkulu wayandikira muyezo wake. Usipa wa magalamu 170 umachita chimodzimodzi. Ziwirizi zizisinthana mkati mwa sabata, kutengera ngati chakwera ndi makala kapena nsomba, ndipo nandolo, khobwe ndi nzama zilowe pa nyengo yake. Nyama ndi nkhuku mugule podziwa kuti mukugula kukoma, ayironi ndi chisangalalo cha Lamulungu, zomwe si zoipa ayi. Pa mapuloteni okha, nyama ya magalamu 700 imene yadya ndalama ya masiku atatu yachita ntchito yofanana ndi theka la kilogalamu ya nyemba.

Wa kumudzi amene ali ndi nkhuku zachikuda zodzitolera zokha pabwalo, masamu ake ndi ena, popeza dzira sagula. Kumeneko chovuta ndi chizolowezi chosiyira nkhuku mazira onse kuti iswe anapiye, kenako chitopa n'kudzasesa khola lonse m'chilimwe. Thadzi likaikira mazira khumi ndi asanu silingafungatire onse bwinobwino. Lisiyireni khumi, asanuwo apite m'mbale ya mwana.