Kutsika kwa puresha m'paipi kumaulula mmene kutentha kukudutsira

Madzi akamayenda m'paipi yotentha, pakhoma la m'kati mwa paipiyo pamachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi. Khomalo limakhuzana ndi madzi n'kumawabweza liwiro, ndiponso limawapatsira kutentha. Kukhuzanako n'kosavuta kukuyeza, chifukwa kumaonekera pa kutsika kwa puresha pakati pa malo awiri a paipi. Kupatsirana kutentha n'kumene kumavuta, popeza kumafuna kudziwa kutentha kwa khoma lenilenilo, m'kati momwe chipangizo choyezera sichifika bwino. Mwayi wake ndi wakuti zinthu ziwirizi zimayendera limodzi, kotero kuti woyeza chimodzi akhoza kuwerengera chinzakecho.

Chimene mainjiniya amafuna kupeza ndi nambala imene amailemba ndi chilembo h. Nambalayi imanena mawati a kutentha amene amadutsa pa sikweya mita imodzi ya khoma pamene khoma ndi madzi zasiyana ndi digiri imodzi. Wopanga boila, rediyeta kapena mapaipi oziziritsira mkaka amadalira h kuti adziwe kutalika kwa paipi yofunika.

Ubale wa kukhuzana ndi kutentha umachokera pa kayendedwe ka madzi othamanga. Madzi otere sayenda mwandondomeko. Amawinduka, n'kupanga tinamvuluvulu tosawerengeka timene timanyamula madzi a pakati pa paipi kupita nawo kukhoma, ndi a kukhoma kubwera nawo pakati. Kadontho kochokera pakati kamafika kukhoma kali ndi liwiro lalikulu koma kali kozizira. Kakafika kumeneko kamataya liwiro, kamatenga kutentha, kenako kamabwerera. Ulendo umodzi womwewo wagwira ntchito ziwiri. Kuwindukako kukakula, liwiro lotayika limachuluka, kutentha konyamulidwa nakonso kumachuluka. Amene anayamba kulemba ganizoli ndi Osborne Reynolds wa ku Manchester, m'chaka cha 1874, pamene ankafufuza za mapaipi a maboila a nthunzi.

Kuti ganizoli ligwire ntchito pamafunika manambala awiri. Yoyamba ndi f, nambala ya kukhuzana ya Darcy, imene imapezeka kuchokera pa kutsika kwa puresha ΔP pa paipi yotalika L, yotakata D m'kati mwake, madzi olemera ρ pa kiyubiki mita akuthamanga pa liwiro V. Yachiwiri ndi St, nambala ya Stanton, imene ndi h yemweyo atagawidwa ndi kutentha kumene madzi oyendawo angathe kunyamula. Chilembo cp chikuimira kutentha kofunika kukweza kilogalamu imodzi ya madzi ndi digiri imodzi.

```
f  = ΔP / [(L/D) × (ρ V² / 2)]
St = h / (ρ V cp)
```

Reynolds anafika pa mfundo imene lero imalembedwa kuti St = f/8. Pa mpweya mfundoyi siphonya kwambiri, koma pa madzi imaphonyeratu, ndipo chifukwa chake chili pakhoma penipeni. Pamenepo pali kagawo kopyapyala kwambiri ka madzi kamene tinamvuluvulu sitikalowerera. M'kagawoka liwiro limafalikira kudzera m'kunanda kwa madzi, pomwe kutentha kumadutsa pang'onopang'ono monga kumachitira m'chinthu chosayenda. Nambala ya Prandtl, Pr, ndiyo imayerekeza kufalikira kuwiriku. Pa mpweya ili pafupifupi 0.7, kutanthauza kuti ziwirizo n'zofanana ndithu. Pa madzi ozizira a madigiri 20 ili pafupifupi 7, pa oyilo imafika m'mazanamazana. Pr ikakula, kagawo kapakhomaka kamatchinga kutentha kuposa mmene kamatchingira liwiro. Allan Colburn anakonza mfundoyi mu 1933, ndipo chaka chotsatira iye ndi Thomas Chilton anaifutukula. Fomula yawo ndi iyi, ndipo mabuku amailola pamene Pr ili pakati pa 0.6 ndi 60:

```
St × Pr^(2/3) = f/8
```

Apa pali msampha umene wakola ambiri. Mabuku ena, makamaka a mainjiniya a zamakemiko, amagwiritsa ntchito nambala ya kukhuzana ya Fanning, imene ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a ya Darcy. M'mabuku amenewo fomulayi imathera pa f/2. Wosakaniza ziwirizi amapeza yankho lokula kapena lochepa kanayi.

Chitsanzo ndi paipi yosalala ya kopa, yowongoka, yogonekedwa, yotakata mamilimita 25 m'kati, mmene mukuyenda madzi a madigiri 40. Pa kutentha kumeneku ρ ndi 992, cp ndi 4,180, ndipo Pr ndi 4.3. Liwiro limapezeka ngakhale ndi ndowa ndi wotchi: ngati ndowa ya malita 20 yadzadza m'masekondi 41, madzi akutuluka malita 0.49 pa sekondi, ndipo m'paipi yotakata chonchi liwiro lake ndi mita imodzi pa sekondi. Pakhoma la paipi pabooledwa timabowo tiwiri totalikirana mamita awiri, ndipo choyezera puresha chikusonyeza kusiyana kwa mapasikalo 890. Kusiyana kumeneku n'kochepa: n'kofanana ndi madzi okwera masentimita 9 okha m'kachubu.

Asanawerenge chilichonse, woyeza amatsimikiza kaye kuti madziwo akuwindukadi. Nambala ya Reynolds, Re, imene imaphatikiza liwiro, kutakata kwa paipi ndi kunanda kwa madzi, pano ili pafupifupi 38,000. Kuwinduka kumakhazikika Re ikapitirira 4,000, ndipo fomula ya Colburn imadalirika bwino kuyambira pa 10,000, choncho palibe chokayikitsa.

Kuwerengako kumayenda motere. L/D ndi 80, ndipo ρV²/2 ndi 496. Kugawa 890 ndi 80 kuchulukitsa 496 kumapereka f ya 0.0224, ndiye kuti f/8 ndi 0.0028. Pr^(2/3) ndi 2.64, choncho St ndi 0.00106. Kuchulukitsa St ndi 992, ndi liwiro la 1, ndi 4,180, kumapereka h ya pafupifupi 4,400 W/m²K. Khoma la m'kati la mamita awiriwo ndi masikweya mita 0.157. Likakhala lotentha kuposa madzi ndi madigiri 10, limapereka mawati pafupifupi 6,900, okwanira kukweza kutentha kwa madzi odutsawo ndi madigiri atatu ndi pang'ono.

Mfundo yosakonzedwa ya Reynolds ikanapereka 11,600, kuposa kawiri ndi theka. Koma nayonso 4,400 si yankho losasuntha. Fomula yatsatanetsatane ya Gnielinski ya 1976, imene nayo imayambira pa f/8, imapereka pafupifupi 5,300 pa chitsanzo chomwechi. Kusiyana kwa magawo 20 pa 100 alionse kotereku n'kosadabwitsa pa nkhani ya kutentha m'mapaipi, ndipo wopanga makina wanzeru amasiya mpata wotero posankha kutalika kwa paipi. Njirayi imapereka nambala yoyambirapo yodalirika, osati yolemba mpaka kadontho kachitatu.

Chofunika kwambiri pa njira yonseyi ndi funso limodzi: kodi puresha imene yatsikayo yatayikira pakukhuzana ndi khoma, kapena kwina? Ubale wa Reynolds umakhudza kukhuzana kokhakokha. Puresha imathanso kutayika madzi akagunda chinthu, n'kuchoka pakhoma, n'kusiya mafunde ozungulira kuseri kwake. Mphamvu yotayika mwanjira imeneyi siibweretsa kutentha kolingana nayo. Pa paipi ya m'chitsanzo ija, pakanakhala chigongono chimodzi pakati pa timabowo tiwiri tija, chikanawonjezera mapasikalo pafupifupi 450. Choyezera chikanasonyeza 1,340, ndipo fomula ikanapereka h ya 6,600, kukokomeza ndi theka lathunthu. Valavu yotsekedwa pang'ono imanamiza koposa pamenepo. Pa chifukwa chomwechi, njirayi siigwira pa mpweya wowomba mopingasa gulu la mapaipi, kapena wodutsa pakati pa miyala yolongedwa m'thanki, popeza kumeneko mbali yaikulu ya puresha imathera m'mafunde a kuseri.

Paipi yamanyamanya m'kati ili pakatikati. Manyamanyawo amasokoneza kagawo kapakhoma kaja ndipo h imakweradi, koma siikwera mofanana ndi f, chifukwa kabampu kalikonse kali ndi mafunde ake a kuseri. Fomula imalonjeza zambiri kuposa zimene paipiyo ingapereke.

Choipitsitsa ndi paipi yomata layimu, imene imapezeka kulikonse kumene madzi a mchere wambiri amatenthedwa. Layimuyo amachepetsa mpata, ndipo madzi akamatuluka ochuluka mofanana, kutsika kwa puresha kumakula mofulumira kwambiri: mpata ukachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, ΔP imakwera ndi magawo pafupifupi 70 pa 100. Wowerenga ndi D yakale angasangalale poona h yaikulu, pamene zoona zake n'zakuti layimuyo ndi bulangete lotchinga kutentha. Fomula imangodziwa za kutentha kochoka pamwamba pa chimene madzi akukhudza, za zimene zili kuseri kwake siinena kanthu.

Pali njira yachidule yogwirira zolakwika zonsezi. Nambala f ya paipi yosalala imadziwika kale kuchokera pa Re, mwachitsanzo ndi fomula ya Blasius, f = 0.316/Re^0.25, imene imagwira mpaka Re ya 100,000. Pa Re ya 38,000 imapereka 0.0226, pafupi kwambiri ndi 0.0224 yoyezedwa ija, ndipo kugwirizana kumeneku ndi umboni wakuti puresha yathera pakhoma. Yoyezedwa ikatuluka 0.034, monga mmene chigongono chija chikanachitira, ndiye kuti pali china chimene chikudya puresha, ndipo chiyenera kupezeka h isanawerengedwe.

Kayezedwe nakonso kamafuna kusamala, popeza masentimita 9 a madzi sachedwa kusokonezeka. Kathovu ka mpweya kotsalira m'kachubu ka choyezera kangasinthe yankho lonse, chimodzimodzinso kachitsulo kotsalira m'mphepete mwa bowo poboola. Paipi ikaimirira, kulemera kwa madzi a mamita awiri kumapanga kusiyana kwa mapasikalo oposa 19,000, kumene kumakwirira 890 aja ngati sikunachotseredwe. Bowo loyamba liyenera kukhala patali ndi polowera madzi kapena pa chigongono, mtunda wosachepera kutakata kwa paipi kuchulukitsa ka 10, ndipo kuposerapo ndi bwino, kuti kayendedwe ka madzi kakhazikike.

Malire ena ali pa mtundu wa kayendedwe ndi wa chinthu choyendacho. Re ikatsika kufika pansi pa 2,300, madzi amayenda mwabata popanda tinamvuluvulu, ndipo m'paipi ubale uja umatha: f imasintha ndi liwiro pomwe h m'paipi yaitali siisintha. Pa zitsulo zosungunuka monga sodiyamu, Pr ili pansi pa 0.01, kutali ndi malire a fomula ya Colburn, chifukwa kutentha kumadutsa m'chitsulocho mosadikira kuwinduka. Madzi akayamba kuwira kapena nthunzi ikamasanduka madzi pakhoma, puresha ndi kutentha zimatsata malamulo ena, ndipo h imawerengedwa ndi mafomula ake apadera.