Mpatseni mpando wa unkhoswe

Mawu otere sabwera molunjika. Mnzanu wa zaka zambiri, amene mumadyera limodzi chiwaya ndi kubwerekana ndalama ya minibasi, amangotumiza uthenga pa WhatsApp usiku: "Koma iwe, amene adzakukwatire adzakhala ndi mwayi. Nthawi zina ndimalakalaka atakhala ine." Sanafunsire. Wangoponya kamwala kuti aone kuya kwa madzi, ndipo wadzisiyira mpata woti mawa adzanene kuti ankangocheza.

Ngati mtima wanu suli komweko, mpata umenewo ndi umene muyenera kuusamala. Yankho lanthabwala limamulola kubwerera osachita manyazi. Koma nthabwalayo ikhale ndi "ayi" womveka m'kati mwake, chifukwa kwathu kuno ambiri anakula akumva kuti mkazi salola tsiku loyamba. Mukangotumiza tinkhope toseka, kapena kunena kuti "ndiganize kaye", iye amva kuti alimbikire. "Panopa ndatanganidwa ndi sukulu" ndiye woipitsitsa: adzadikira mpaka mulembe mayeso omaliza.

Tayesani chonchi: "Achimwene, mwayamba liti kuthawa ntchito? Inu ndinakusungirani kale mpando wa nkhoswe. Mukakhala mkwati, milandu yanga azidzaweruza ndani? Ndinu mlongo wanga, ndipo pamenepo sindikusunthani."

Nthabwalayi imagwira chifukwa aliyense amadziwa kuti nkhoswe imakhala mbale, kawirikawiri malume kapena mchimwene, ndipo nkhoswe sikwatira munthu amene ikumuimira. Mwamukana, komabe mwamupatsa malo aulemu. Chiganizo chomalizacho musachichotse, ngakhale chikuoneka chouma; n'chimene chikuonetsa kuti simukungodzikoka.

Chenjerani ndi ubale umene mukumupatsa. Musamutche msuweni! Pa mwambo wa Achewa asuweni amaseleulana kuti "mkazi wanga", "mwamuna wanga", ndipo kale ankakwatirana ndithu. Mlamu nayenso ndi munthu wa nthabwala zomwezo. Mlongo yekha ndiye amatseka chitseko.

Chosekedwa chikhale nkhaniyo, osati munthuyo. "Iwe ndi njinga yakoyo?" ndi chipongwe, ndipo chimapweteka kuposa kukanidwa. Uthenga wake usafike pa gulu la anzanu ngakhale mutaufufuta dzina, poti kalembedwe kake amakadziwa. Musagonekenso yankho masiku atatu, munthu atha kuonda nazo.

Mudzadziwa kuti zamveka akayankha mogwirizana ndi seweroli, monga "Basi, nkhuku ya pa chinkhoswe ndidzadya ndekha." Akakhala chete sabata imodzi, musiyeni, kenako mufunseni za mpira kapena za malonda ake monga kale. Koma akabwereza kuti "Ayi, ndikunena zoona", nthabwala yathera pomwepo. Muimbireni kapena mukumane masana, mumuuze mosaseka kuti mumamukonda ngati mnzanu, za chibwenzi ayi, ndipo musawonjezere mawu akuti "panopa".