Abwana akati "muzingoona mmene tikuchitira"

Mawu amenewa amalandira ana asukulu ambiri tsiku loyamba la atachimenti. Akupatsa mpando pakona, akuuza kuti uzingoona, kenaka abwana aja alowa mumsonkhano. Sabata itha ukungopanga fotokope ndi kutumidwa kukagula mayunitsi. Miyezi itatu si kanthu, ndipo buku lomwe akusukulu akufuna kuti uzilembamo zimene waphunzira likadali loyera.

Sikuti abwana ngankhanza nthawi zonse. Ambiri ntchito yawathina, ndipo palibe adawaphunzitsa kuphunzitsa. Tiyerekeze mtsikana wophunzira zowerengera chuma yemwe wapezeka muofesi ya akawunti pakampani yaing'ono ku Limbe. Ayambire pati?

Ayambire pa kalendala. Ntchito ya muofesi yotere imazungulira ndi mwezi. Msonkho wa PAYE wodulidwa pamalipiro uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, za VAT pofika pa 25, malipiro amakonzedwa chakumapeto kwa mwezi, ndipo mwezi ukangotha amayanjanitsa buku la ndalama ndi sitetimenti yakubanki. Mtsikanayu akalemba masiku amenewa papepala, wapeza kale zoti aphunzire komanso nthawi yake. Lamulo lodzipatsa ndi limodzi: ntchito iliyonse aiyesere kutatsala sabata kuti anzake aigwire, kuti tsiku lenilenilo akhale woti angathandize, osati wofunsa mafunso anthu ali pakalikiliki.

Nanga ayesere bwanji popanda womuonetsa? Mphunzitsi ali mushelefu. Mafayilo a miyezi yapita ali ndi funso ndi yankho lomwe. Apemphe chilolezo chotenga fayilo ya mwezi umodzi womwe udatsekedwa kale, aphimbe pepala lomwe mkulu wa ofesi adayanjanitsirapo, agwire ntchitoyo yekha kuyambira pachiyambi.

Tinene kuti buku likuonetsa K2,450,000 pomwe banki ikuti K2,104,500. Kusiyana ndi K345,500. Atenge pensulo, azichonga mzere ndi mzere mbali zonse ziwiri. Apeza K300,000 yomwe idalandiridwa madzulo a tsiku lomaliza la mwezi nkukaikidwa kubanki mawa lake. M'buku ilimo, pasitetimenti palibe. Apezanso K18,500 yomwe banki idadula yokha ndipo palibe adailemba. Yatsala K27,000, ndipo apa mpamene ambiri amagwa mphwayi. Koma nambala yotsala ikamagawika ndi 9 popanda chotsalira, kawirikawiri pamakhala kuti wina adatembenuza manambala polemba. Abwerere ku mavawucha, ndipo ndi uyo: adalipira K63,000, m'buku adalemba K36,000. Akamaliza avundukule yankho lija, afanizire ndi lake.

Ntchito yotereyi ingamudyere masiku awiri ulendo woyamba. Mwezi wachiwiri woyesera utenge tsiku limodzi. Ngati nthawi sikutsika, kapena akulakwitsa pamalo omwewo, chavuta si changu ayi, pali mfundo imene sadaimvetse, ndipo imeneyo ndiyo apite nayo kwa abwana.

Kapitidwe kake nkofunika. "Bwana, ndipange chiyani lero?" ndi funso lopatsa munthu wotanganidwa ntchito ina, nchifukwa chake amayankha kuti dikirani kaye. Koma akati, "Bwana, ndayesera ya mwezi wa Malichi, yagwirizana ndi yanu kupatula K18,500 iyi, inu mudailemba m'buku mwezi wotsatira, kodi ndi momwe mumachitira nthawi zonse?" yankho litenga mphindi ziwiri. Lachisanu lililonse awaonetse theka la pepala: zimene wachita sabata ino, ndi zimene akufuna kuchita sabata yamawa ngati iwo alola. Kugwedeza mutu chabe ndi chilolezo chokwanira, ndipo pepalalo ndilo adzakopere m'buku la kusukulu. Asanyozenso kalaliki amene wakhala pamenepo zaka khumi. Nthawi zambiri ndiye amadziwa komwe risiti yosowa idabisala.

Pali malire. Kuyesera kuchitikire papepala kapena pa Excel yakeyake, asakhudze pulogalamu yeniyeni ya akawunti, chifukwa kulemba kamodzi kolakwika m'mwezi wotsekedwa kumasokoneza mabuku omwe adaunikidwa kale. Fayilo ya malipiro a antchito asaitsegule osauzidwa, asajambule mapepala pafoni, asapite nawo kunyumba. Akafuna kuyesera PAYE, apeke malipiro akeake nkugwiritsa ntchito magawo a msonkho omwe MRA imalengeza, ataonetsetsa kuti ndi a chaka chimenecho poti amasintha ndi bajeti.

Ndipo asalembe ndandanda ya zinthu makumi awiri. Pamiyezi itatu, ntchito zinayi zimene angazigwire yekha mpaka kumapeto nzokwanira. Akayanjanitsa bwino miyezi itatu yakale motsatizana, atenge mapepala atatuwo, agogode pachitseko mwezi usanathe, apemphe kuti ya mwezi uno ayambe ndi iye, abwana adzangoyang'anamo.