Kasupuni kamodzi, madzi mamililita 30: chimachitika n'chiyani tikaphonya muyezo wa mkaka wa mwana?

Mumakumbukira kachidutswa ka mbatatesi kamene timaviika m'madzi amchere m'kalasi ya bayoloje? Pakapita ola limodzi kamafota, kamakhala lobodolobodo. Kanzake kamene taviika m'madzi wamba kamatupa n'kuuma gwa. Ndi osimosisi ameneyo: madzi amachoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene kuli mchere wambiri, podutsa pa kachikopa kopyapyala ka selo. Lero ndikufuna ndikuonetseni kuti zomwezi zimatha kuchitikira ubongo wa khanda ngati mkaka wa m'chitini wasungunulidwa molakwika.

Kuno ku Rumphi ana ambiri amayamwa bere, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira: a zaumoyo amati bere lokha kwa miyezi 6 yoyambirira. Koma alipo makanda ena amene mayi awo anamwalira pobereka, ena mayi akudwala kwambiri, ena anawasiyira agogo mayi atapita ku Joni. Pakhomo loterolo, kaya ndi ku Bolero, ku Hewe kapena ku Mhuju, amene amatumidwa kuti "tampangira mwanayu mkaka" nthawi zambiri ndi mwana wasukulu ngati inuyo, poti ndi amene amatha kuwerenga zolembedwa pachitini.

Tiyambe ndi masamu

Tiyerekeze khanda la miyezi iwiri kapena itatu lolemera makilogalamu 5. Khanda lotere limafuna mkaka wokwana mamililita pafupifupi 150 pa kilogalamu iliyonse patsiku, kutanthauza mamililita ngati 750. Zitini zambiri zimati kasupuni kamodzi kosefula pa mamililita 30 a madzi, komabe muziwerenga chitini chanucho chifukwa timasupuni timasiyana. Kuti masamu aphweke, tinene kuti mwanayu akumwa kasanu patsiku, ulendo uliwonse madzi mamililita 150 ndi timasupuni 5. Patsiku ndi timasupuni 25, ndipo akupeza makalori opitirira pang'ono 500.

Kasupuni kamodzi kamalemera magalamu anayi ndi theka kapena kucheperapo pang'ono. Ndiye kuti chitini cha magalamu 400 chili ndi timasupuni pafupifupi 90. Gawani 90 ndi 25. Mwaona? Chitinicho sichifika ngakhale masiku anayi. Vuto lonse limayambira pamenepa.

Mkaka ukachepa mphamvu

Tinene kuti banjalo ndalama ya fodya inatha kalekale, ndipo agogo akuti chitini chimodzi chikwane sabata yathunthu. Timasupuni 90 kugawa ndi masiku 7, tikupeza 13 patsiku m'malo mwa 25. Botolo likudzaza chimodzimodzi, mkaka ukuoneka woyera chimodzimodzi, mwana akukhuta n'kugona. Palibe akuona cholakwika. Koma mwana uja akulandira theka chabe la chakudya chake, makalori osakwana 300. Sangamwe mabotolo owirikiza kawiri kuti abweze zomwe zasowazo, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo kadzaza kale ndi madzi.

Zotsatira zake zili pawiri. Choyamba chimabwera pang'onopang'ono. Mwana wa msinkhu uwu amayenera kumawonjezera magalamu 150 mpaka 200 pasabata. Akamamwa mkaka wamadzimadzi, mzere wa m'buku lake la kusikelo umasiya kukwera, umagona, kenako umayamba kutsika. Thupi limayamba kudya mafuta ake omwe, kenako minofu, ndipo chitetezo chimafooka moti kutsekula m'mimba kapena chibayo zimamugwira msanga.

Chachiwiri chimabwera mwadzidzidzi, ndipo ndi chija cha mbatatesi. M'magazi mwathu muli sodiyamu, gawo limodzi la mchere, ndipo thupi limamusunga pakati pa mamilimolo 135 ndi 145 pa lita imodzi. Munthu wamkulu akamwa madzi ambiri, impso zake zimataya otsalawo msanga. Impso za khanda sizinakhwime, zimasefa magazi pang'onopang'ono, choncho madzi akamalowa ambiri koma mchere wochepa, magazi amasungunuka. Tsopano m'kati mwa maselo a ubongo muli mchere wambiri kuposa kunja, ndiye madzi amalowa m'maselomo n'kuwatupitsa. Ubongo uli m'chigaza, malo otupira ndi ochepa. Sodiyamu akatsika msanga kufika cha m'ma 125 kapena kuchepera apo, mwana amatha kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, ndipo ena amasiya kupuma.

Zizindikiro zake zisanafike poipa: mwana amangogona kapena kulira mosatonthola, nkhope imatupa, thupi limazizira m'malo motentha, ndipo matewera amanyowa pafupipafupi ndi mkodzo woyera ngati madzi.

Musaganize kuti izi ndi za maiko osauka okha ayi. Mu 1991 madokotala a pachipatala cha ana mumzinda wa St Louis ku Amereka anafotokoza za makanda oposa 30 amene anabwera ndi vuto la kuchuluka kwa madzi m'thupi. Ambiri anali ochokera m'mabanja osowa, ndipo nkhani inali imodzimodzi: mkaka unatha, makolo n'kuyamba kumwetsa mwana madzi kapena mkaka wothira madzi ambiri.

Mkaka ukachuluka mphamvu

Kulakwitsa kwina kumachokera m'chikondi. Wina amati, "Mwanayu ngowonda, thirani wambiri anenepe," kapena "Akhute kuti agone usiku wonse." Nthawi zina palibe amene wafuna, kungoti kasupuni kadzazidwa mosongoka, kapena ufawo waupsinja m'kasupuni, kapena wayamba kuthira ufa m'botolo kenako n'kuwonjezera madzi mpaka pa mzere wa 150. Ukatero madzi safika 150, chifukwa ufa uja watenga kale malo. Timasupuni 5 tosongoka tikafanana ndi 7 tosefula, mkakawo wakwera mphamvu ndi 40 peresenti.

Mwina mukufunsa kuti kodi chakudya chambiri chikuipa pati? Yankho lili ku impso. Mchere wotsala ndi yuriya, amene amapangidwa thupi likagaya mapuloteni, sizingatuluke zouma. Ziyenera kusungunuka m'madzi n'kukhala mkodzo. Impso za munthu wamkulu zimatha kulongedza zinyalala zambiri m'madzi ochepa, n'chifukwa chake mkodzo wanu umakhala wachikasu kwambiri mukakhala tsiku lonse osamwa. Impso za khanda zimakwanitsa pafupifupi theka la zimenezo. Ndiye ufa ukachuluka, zinyalala zimachuluka pomwe madzi ozitulutsira achepa, ndipo thupi limakatenga madzi ake omwe. Mwana akumwa, koma akuuma.

Masiku abwinobwino mwana amatha kupirira, n'kungooneka kuti wadzimbidwa kapena akubwezabweza. Ngozi imadza akayamba kutayanso madzi mwa njira ina: watentha thupi ndi malungo, watsekula m'mimba, kapena ndi mwezi wa Okutobala kunyanja ku Chitimba kapena ku Mlowe kumene dzuwa limaswa mtengo. Apo sodiyamu amakwera kupitirira 150. Magazi tsopano ali ngati madzi amchere aja, ndipo amakoka madzi m'maselo. Ubongo umafota n'kuyamba kudzikoka kuchoka ku chigaza, ndipo timitsempha ta magazi tolumikiza ziwirizi titha kuduka. Mwana akapulumuka zoterezi, nthawi zina amatsala ndi kulumala kwa moyo wonse.

Pali kamsampha kawiri pano. Koyamba, mwana amalira ndi ludzu, ndipo omulera amaganiza kuti ndi njala, n'kumupangiranso botolo lina lamphamvu lomwelo. Kachiwiri, kuuma kwa mtundu uwu kumabisala. Popeza madzi akuchoka m'maselo kulowa m'magazi, liwombo ndi maso mwina sizilowa kwambiri monga timazolowera mwana akatha madzi m'thupi. Choncho yang'anani zina: kulira kosongoka kobaya m'makutu, kunjenjemera kapena kuuma manja ndi miyendo, m'kamwa mouma, khungu lomveka ngati ufa wokanda wa mandasi mukalitsina, ndiponso matewera onyowa osakwana 6 patsiku okhala ndi mkodzo wachikasu kwambiri.

Ku Britain vutoli linali lofala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, pomwe ufa wa mkaka wa makanda unali ndi mchere ndi mapuloteni ochuluka pafupifupi ngati mkaka wa ng'ombe, komanso anthu ankadzaza timasupuni mosongoka. Mu 1974 boma lawo linatulutsa malangizo atsopano, mkaka unasinthidwa, ndipo makanda odwala matendawa anachepa kwambiri. N'chifukwa chakenso ufa wa mkaka wothira mu tiyi suyenera kupatsidwa kwa khanda, ngakhale ndi wotchipa: impso zake sizingathe katundu wake.

Bwanji osangomumwetsa madzi?

Apa m'pamene sayansi imadabwitsa. Ngati sodiyamu wakwera, bwenzi tikuti mankhwala ake ndi madzi ambiri msangamsanga. Koma ubongo sumangokhala chete. Ukaona kuti ukufota, m'masiku ochepa maselo ake amapanga tizinthu tosungunuka m'kati mwawo kuti tikoke madzi abwerere. Mukathira madzi ambiri mwadzidzidzi, magazi amasungunuka pomwe tizinthu tija tidakali m'maselo, ndiye madzi amathamangira mu ubongo n'kuutupitsa. Mwana amene anali ndi ubongo wofota amapezeka akuphupha chifukwa cha ubongo wotupa. N'chifukwa chake kuchipatala amatsitsa sodiyamu pang'onopang'ono, kwa maola 48 kapena kupitirira. Iyi si ntchito ya pakhomo. Mwana akayamba kuphupha, kulefuka kapena kukana kuyamwa, thamangirani naye ku chipatala chaching'ono chapafupi, ku chipatala cha boma pa Rumphi, kapena ku David Gordon ku Livingstonia. Tengani chitinicho ndi kasupuni kake, ndipo muwauze adokotala ndendende momwe mkakawo umasungunulidwira, osabisa. Zimenezo zimawathandiza kudziwa ngati mchere wakwera kapena watsika, poti thandizo lake n'losiyana.

Muyezo wake ndi uwu

Sambani m'manja ndi sopo, ndipo chomwetsera chikhale chowiritsidwa. Kapu ndi yosavuta kutsuka kuposa botolo. Witsani madzi mpaka abwate, kenako asazizire kupitirira mphindi 30, kuti akhale asanatsike pa madigiri 70. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2007 amatero chifukwa ufa wa m'chitini umatha kukhala ndi tizilombo timene madzi ofunda chabe sangaphe. Yambani kuyeza madzi, ufa pambuyo. Gwiritsani kasupuni ka m'chitini chomwecho, osapsinja, ndipo sefulani pamwamba ndi msana wa mpeni woyera. Werengani timasupuni mokweza, ndipo mukasokonezeka pakati, yambiraninso. Ziziritsani poviika chomwetseracho m'madzi ozizira, osati pothiramo madzi ena. Wotsala pakatha maola awiri, tayani.

Nanga chitini chikamatha ndalama palibe? Musachikoke ndi madzi. Auzeni akuluakulu apakhomo masamu aja, kuti theka la ufa ndi theka la chakudya ngakhale botolo lidzaze bwanji, ndipo apite ndi mwanayo kwa alangizi a zaumoyo kapena kusikelo chitinicho chisanathe, akamuyeze ndi kukambirana njira ina yomudyetsera.